Mbola imakhala kumchira: chifukwa chake nthabwala yogemula imaphera pachitatu

Tiyerekeze kuti muli paphwando lokumbukira tsiku lobadwa la mnzanu, ndipo anthu akupemphani kuti munenepo mawu awiri atatu za iyeyo. Onse amene ali pamenepo akumudziwa kuti ndi munthu wabwino, kungoti akakongola ndalama kubweza kumamuvuta. Mwaimirira, mwamuyang'ana, ndipo mukuti:

"Mnzangayu ndi munthu wodziwa kusunga. Amasunga chinsinsi, amasunga nthawi, amasunga ndalama... zanga."

Mukaiponya bwino, anthu amafa nalo phwete, mwini wake yemwe n'kugwira kumaso uku akuseka. Koma mawu omwewa mukangowasuntha pang'ono, nthabwalayo imafera m'kamwa. Yesani kunena kuti, "Ndalama zanga amasunga, chinsinsi amasunga, nthawinso amasunga." Palibe liwu lomwe lachotsedwa, chipongwe chake n'chomwecho, koma anthu angomwetulira mwaulemu n'kudikira kuti mupitirize. Kusiyana kwa ziwirizi ndiye nkhani yonse ya pano. Mawu amene amaluma, amene ndiwatcha mbola ya nthabwala, ali ndi malo ake ndi nthawi yake, ndipo akaphonya chimodzi mwa ziwirizi amasanduka mwina dandaulo, mwina mwano weniweni.

Tiyambe ndi funso loti n'chifukwa chiyani zinthuzo zili zitatu. Munthu akamva chinthu chimodzi, sadziwa kumene mukulowera. "Amasunga chinsinsi" ndi mawu oyamikira chabe, ndipo pambuyo pake pangabwere chilichonse. Akamva chachiwiri chofanana ndi choyamba, mutu wake umajambula njira. Umati: apa tikuwerenga makhalidwe abwino a munthuyu, ndipo lililonse likuyamba ndi "amasunga". Womvera sachita kuganizira zimenezi, zimangochitika zokha, monga momwe phazi limadziwira kutalika kwa sitepe yachitatu likaponda ziwiri zoyamba. Ndiye chachitatu chikabwera, iye amakhala atafika kale kumene akuganiza kuti mukupita. Inu n'kumukhotetsa. Chiseko chimabadwa pa kupunthwa kumeneko, bola ngati akapunthwa aona msanga kuti njira yatsopanoyo nayonso ndi yomveka. Ndalama za wina zikhoza "kusungidwa" ndithu, ndipo liwulo silinaname.

Ziwiri ndiye chiwerengero chochepetsetsa chomwe chingapange njira, chachitatu ndiye mpata woyamba woiphwanya. Palibe matsenga pa nambala imeneyi. Mukachepetsa n'kunena kuti "Amasunga chinsinsi, amasunga ndalama zanga," nthabwalayo imakhalapobe koma yopepuka, chifukwa anthu anali asanakhazikike pa chiyembekezo chilichonse. Mukawonjezera n'kuika zinayi kapena zisanu, pamabuka vuto lina. Pofika pachitatu chopanda mbola, womvera wochenjera amayamba kununkhiza msampha, ndipo amayamba kusakasaka yekha zinthu zina zimene munthu angasunge. Akangopeza "ndalama" inu musanafikepo, mwaluza. Adzaseka pang'ono posonyeza kuti anadziwiratu, ndipo chiseko chotere chimazizira msanga.

Pali chinanso chomwe utatu umachita, chomwe anthu ambiri sachiona. Gail Jefferson, yemwe ankafufuza mmene anthu amachezera tsiku ndi tsiku, anasonyeza mu 1990 kuti anthu akamatchula mndandanda wa zinthu amakonda kuzifikitsa pa zitatu, moti wina akasowa chachitatu amangotsekera ndi mawu ngati "ndi zina zotero". Max Atkinson, pofufuza zolankhula za andale mu 1984, anapeza kuti khamu la anthu limakonda kuwomba m'manja wolankhula akamaliza mfundo yachitatu. Tanthauzo lake kwa wanthabwala n'lakuti utatu umauza gulu lonse nthawi imodzi kuti apa ndiye pothera. Chiseko cha gulu chimafuna chizindikiro chotere. Anthu makumi atatu akaseka aliyense pa nthawi yake, pamamveka phokoso lomwazikana. Akaseka pamodzi, denga limagwedezeka, ndipo ngakhale amene sanamve bwino amatengeka.

Cholakwa chomwe ndimachiona kawirikawiri kwa oyamba kumene n'kuganiza kuti lamulo la utatu likutanthauza kunyoza katatu, kachitatu mopweteka kuposa koyamba. Amati, "Ndi waulesi, ndi woumira, ndi wakuba." Apa palibe kukhota kulikonse. Njira yayamba ndi chipongwe, yapitirira ndi chipongwe, yathera pa chipongwe, ndipo omvera angoona munthu akukwapulidwa katatu. M'nthabwala yogemula, ziwiri zoyamba zimagwira ntchito bwino zikamaoneka ngati ulemu, kapena zikakhala zopanda mbali. Zimachititsa kuti omvera amasule mapewa, komanso zimauza wogemulidwayo kuti mumamuona ndi mbali yake yabwino. Zikakhala zoona ndiye bwino kwambiri. Ngati mnzanuyo amadziwika kuti amachedwa paliponse, "amasunga nthawi" idzaseketsa anthu nthawi isanakwane, ndipo mbola yeniyeni idzafika anthu atatha kale mpweya. Pamenepo sankhani china chomwe aliyense angavomereze ndi mutu, monga "amasunga malonjezo a kuntchito" kapena "amasunga ulemu".

Ilipo njira ina ya utatu yomwe imakwera m'malo mokhota, ndipo imagwira ntchito ngati sitepe yachitatu yadumphira m'dziko losatheka. Za munthu wochedwa mungati: "Anachedwa kusukulu, anachedwa ku ukwati wake, ndipo amayi ake akuti anayembekezera miyezi khumi ndi iwiri." Zonse zitatu ndi zomunena, koma ziwiri zoyamba n'zotheka, chachitatu n'chosatheka, ndiye kukhota kulipobe. Kwangosamuka, kuchoka pa ulemu ndi chipongwe kupita pa zoona ndi zabodza zoonekeratu.

Tsopano tibwerere ku nthabwala yathu ya kusunga, tiione liwu ndi liwu, chifukwa kamangidwe ka Chichewa kamatithandiza pena, pena n'kutipereka.

Mawu oyamba aja, "ndi munthu wodziwa kusunga," si okongoletsa. Ndiwo amakhoma liwu lomwe nthabwala yonse yapachikidwapo. Kenako "amasunga" amabwera katatu mosasintha. Mukayamba kusinthasintha pofuna kuti chilankhulo chikome, n'kumati "amasunga chinsinsi, salakwitsa nthawi, amagwiritsitsa ndalama zanga," njira ija siioneka, chifukwa khutu limazindikira njira pomva zofanana. Mbali ziwiri zoyamba zikhalenso zofanana msinkhu. "Amasunga chinsinsi" ndi "amasunga nthawi" zimatenga mpweya wofanana, ndipo zikanenedwa pa liwiro limodzi zimakhala ngati kugunda kuwiri kwa ng'oma komwe kumalonjeza kwachitatu.

Mbola yeniyeni ndi liwu limodzi lokha, "zanga". Taonani kuti "amasunga ndalama" pakokha ndi chiyamikiro, munthu wosamwaza chuma. Omvera amafika mpaka pa "ndalama" akuganizabe kuti mukumutama. M'Chichewa liwu losonyeza mwini chinthu limabwera pambuyo pa chinthucho, choncho mbolayo imagwera yokha kumchira kwa chiganizo. Ndi mwayi wa chilankhulo umenewo, ndipo wanthabwala wanzeru amaugwiritsa ntchito. Lamulo lake n'losavuta kunena: liwu lomwe likuulula chinsinsi cha nthabwala likhale lomaliza, ndipo pambuyo pake pasabwere kanthu. Mukati "amasunga ndalama zanga zomwe ndinamukongoza chaka chatha pamene anali pamavuto," anthu amayamba kuseka pa "zanga", kenako n'kudziletsa kuti amve zotsalazo, ndipo akamva kuti mulibe chatsopano, chiseko chija sichibwereranso. Mwachithira madzi nokha.

Pomwe Chichewa chimatipereka ndi pa kugwirizana kwa mawu. M'chilankhulo chathu, mneni ndi mawu ena amanyamula chizindikiro cha gulu la dzina lomwe akulinena, ndipo chizindikirocho nthawi zambiri chimafika dzinalo lisanatchulidwe. Tengani nthabwala iyi, ya munthu wokonda kudzitama kuti kwawo amamulemekeza: "Akafika kunyumba, mkazi wake ali pafoni, ana ali pa wailesi yakanema, womulandira ndi mmodzi yekha: galu." Imayenda chifukwa galu amatenga zizindikiro zofanana ndi za munthu. Timati galu mmodzi, monga timati mlendo mmodzi. Omvera akamva "womulandira ndi mmodzi yekha" amayembekezera agogo kapena wantchito. Tsopano ikani mbuzi m'malo mwa galu. Mudzakakamizika kunena kuti "yomulandira ndi imodzi yokha," ndipo "yo" ndi "i" amenewo aulula kale kuti kukubwera chinyama kapena chinthu. Dzinalo likamafika, theka la mbola latuluka kale. Choncho posankha chachitatu, musangofunsa ngati chili choseketsa. Funsaninso ngati mawu ochitsogolera akuchibisa. Zikakanika, sinthani kamangidwe kuti dzina libwere popanda mneni wolitsogolera, kapena sankhani dzina la gulu lomwe silidziulula.

Nanga za kupuma? Pafupifupi aliyense wophunzitsa nthabwala amanena kuti upume kaye usanaponye mbola. Akatswiri a zilankhulo Salvatore Attardo ndi Lucy Pickering anaziyesa zimenezi pojambula mawu a anthu akunena nthabwala n'kuyeza mipata yake ndi makina. Zomwe anafalitsa mu 2011 zinasonyeza kuti anthuwo sankapuma nthawi yaitali mwapadera asanafike pa mawu oseketsa, ndiponso liwiro lawo silinkasintha kwenikweni pamenepo. Amene anawajambulawo anali anthu wamba, osati akatswiri a pasiteji, choncho zotsatirazo sizikutseka nkhani yonse. Komabe zikutichenjeza chinthu chimodzi chothandiza: kupuma si msonkho womwe nthabwala iliyonse iyenera kulipira. Nthabwala zambiri zimayenda bwino popanda kupuma, ndipo zina kupuma kumaziwononga.

Ine ndimaona chonchi. Kupuma kumathandiza pokhapokha ngati mawu omwe anenedwa kale akumveka ngati atha paokha. Pa "amasunga ndalama" mukhoza kuima kanthawi kochepa, kosakwana sekondi imodzi, chifukwa omvera akuganiza kuti chiganizo chatha ndipo akuchimeza ngati chiyamikiro. Mawu anu atsike ngati mwamalizadi. Kenako "zanga" agwe mopepuka, ngati mwangokumbukira. Kupuma kumeneko kumapatsa anthu mpata wokhazikika pa tanthauzo lolakwika, ndipo m'pamene kukhota kumawapweteka bwino. Koma mukaima pa "amasunga..." mawu ali m'mwamba, nsidze zitakwezedwa, mwawauza kuti nayi ikubwera, ganizani msanga. Sekondi ziwiri n'zokwanira kuti theka la gulu lipeze yankho. Kupuma koyamba kumabisa msampha, kwachiwiri kumauloza ndi chala. Nthabwala ya galu ija ili pakati: pali kampata kachibadwa pambuyo pa "mmodzi yekha", koma kakhale kafupi, chifukwa chiganizocho chikulonjeza poyera kuti yankho likubwera.

Chitsanzo chotchuka cha kupuma kwautali ndi cha Jack Benny, wanthabwala wa ku America yemwe kwa zaka zambiri ankasewera pa wailesi ngati munthu woumira koopsa. M'sewero lina la mu 1948, wachifwamba anamuimitsa n'kumuuza kuti asankhe, ndalama kapena moyo. Benny anangoti zii. Anthu anayamba kuseka ali chete chomwecho. Wachifwambayo atabwereza mwaukali, Benny anayankha kuti akuganizira kaye. Anthu ambiri amatenga nkhaniyi ngati umboni woti kupuma kwautali kumaseketsa, koma chomwe chinaseketsa ndi zomwe omvera ankadziwa kale za munthuyo. Iwo anadzaza okha chetecho ndi kuumira kwake. Munthu wosadziwika akanaima choncho, anthu akanaganiza kuti waiwala mawu. Phunziro lake pa kugemula n'lakuti kutalika kwa kupuma kumadalira kuchuluka kwa zomwe gulu likudziwa za wogemulidwayo. Pakati pa anzake akale, mukhoza kungoti "ndalama", n'kumuyang'ana, anthu n'kuyamba kuseka "zanga" asanatuluke. Pakati pa alendo, musadikire, chifukwa chete wanu alibe chomudzaza.

Nthawi yomwe imavuta kwambiri, mwa kuona kwanga, ndi ya pambuyo pa mbola. Apa m'pomwe nthabwala yogemula imasiyana ndi nthabwala zina zonse. Mukanena nthabwala ya munthu wongopeka, pali mbali ziwiri, inu ndi omvera. Mukagemula munthu amene ali pomwepo, mbali zimakhala zitatu, ndipo omvera saseka mwaufulu asanaone nkhope ya mwini wake. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti chiseko chimabwera pawiri. Koyamba ndi kaphokoso kadzidzidzi, kenako mitu imatembenukira kwa wogemulidwayo, ndipo akaoneka akuseka, chiseko chachikulu chimatsatira. N'chifukwa chake pa maphwando ogemula onga omwe inkachititsa kalabu ya asangalatsi ya Friars ku New York, ndi ena omwe anatengera mwambo umenewo pa wailesi yakanema, wogemulidwa amakhala pampando woonekera kwa onse, kamera imathamangira pankhope yake mbola ikangogwa, ndipo pamapeto amapatsidwa mpata wobwezera.

Kutembenuka kwa mitu kumeneko kumatenga nthawi, ndipo nthawiyo ndi yanu yoti mukhale chete. Woyamba kumene amaopa kampata kameneka. Amamva kaphokoso koyamba kakuchepa, amaganiza kuti nthabwala yalephera, n'kuthamangira kunena kuti "ndikungocheza" kapena kuyamba ina. Potero amapha chiseko chachikulu chomwe chinali m'njira. Chofunika ndi kutseka pakamwa, nkhope ili phee, osaseka nthabwala yanu anthu asanaiseke. Maso anu nawo ali ndi ntchito. Ziwiri zoyamba zineneni mukuyang'ana gulu, ngati mukuchitira umboni za munthu wabwino. Pa mbola, kapena itangogwa, tembenukirani kwa mwini wake. Mukamuyang'anitsitsa kuyambira pachiyambi, anthu amaona mlandu. Mukapanda kumuyang'ana n'komwe, amaona miseche.

Chiseko chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimayamba kutsika. Nthawi yolankhulanso ndi pamene changoyamba kutsika, chisanazime. Mukalowa chikukwera, mawu anu samveka ndipo anthu amadziletsa kuti akumveni. Mukadikira mpaka chizime, mukuyambanso kukoleza moto pa phulusa lozizira. Pamalo amenewa m'pomwe pamalowa kachiwonjezero, mawu afupi okwera pamsana pa nthabwala yomwe yaseketsa kale, osafuna maziko atsopano. Pa nthabwala yathu mungati, "Zili potetezeka kwambiri, moti ngakhale ine sindingazibe." Anthu akasekanso, mukhoza kuponya kamodzi kena: "Chaka chino ndikufuna kuwonjezera." Taonani kuti nthabwala ndi ziwonjezero zake ziwiri zapanganso utatu, ndipo chomaliza chatembenuza mbola kuloza kwa inu, munthu wopusa amene akufuna kukongozanso. Kumeneko ndi kumasula mnzanu pamaso pa anthu. Chachinayi musayese. Pofika pamenepo anthu amayamba kuona kuti nkhani ya ngongoleyi ikukuwawani zenizeni.

Mawu akuti "zenizeni" atifikitsa pa malire a luso lonseli. William Labov, katswiri wa zilankhulo, anafufuza masewera onyozana a anyamata achikuda a ku Harlem, mumzinda wa New York, ndipo mu 1972 anafotokoza malamulo ake. Anaona kuti chipongwe chamasewera chimakhala chokokomeza moti aliyense amadziwa kuti si choona, ndipo yankho lake ndi chipongwe china choposa. Koma chipongwe chikakhudza chinthu choona cha munthuyo, yankho limasintha: munthu amayamba kukana kapena kudziteteza. Ichi ndi chida chabwino kwambiri choyezera chomwe ndikuchidziwa. Mukaponya "zanga", mnzanu n'kuyankha kuti "Bola ine ndimasunga, iwe ukanamwera," masewera ali bwino. Akayankha kuti "Koma ndinakuuza kuti ndikupatsa kumapeto kwa mwezi," dziwani kuti simunanene nthabwala. Mwamuitanitsa ngongole pagulu, ndipo utatu wanu wokongolawo wangothandiza kuti anthu onse amve bwino.

Choncho chachitatu chiyenera kukhala chimodzi mwa ziwiri. Mwina chikhale chosatheka moti palibe angachikhulupirire, ngati miyezi khumi ndi iwiri ija, kapena chikhale choona chaching'ono chomwe mwini wake amachiseka yekha ndipo angathe kuchisintha atafuna. Kuumira, kuchedwa, kudzitama, kuimba mosokosera: izi munthu amazinyamula mopepuka. Matenda, kulumala, kusabereka, imfa ya wachibale, umphawi womwe ukumusowetsa tulo: izi ngakhale muzimangire njira yosalala bwanji, mbola yake imatsala m'thupi. Pa mwambo wa mphoto za mafilimu za Oscar pa 27 Malichi 2022, wanthabwala Chris Rock ananena nthabwala yokhudza mutu wometa wa Jada Pinkett Smith, yemwe ali ndi matenda othothola tsitsi ndipo anali atanenapo poyera za matendawo. Anthu ambiri muholo anaseka koyamba, ndipo mwamuna wake Will Smith nayenso anaoneka akuseka. Koma nkhope ya mwini wake sinaseke, ndipo patangopita kanthawi Will Smith anakwera pasiteji n'kumuwomba mbama Rock. Kaya wina aweruza bwanji za mbamayo, kwa wophunzira nthabwala chooneka n'chakuti kaphokoso koyamba sikatsimikiza kanthu. Chigamulo chili pankhope ya wonenedwayo.

Udindo wa anthu awiriwo umasinthanso kulemera kwa mawu omwewo. Wantchito akagemula bwana wake ndi nthabwala ya kusunga ija paphwando, anthu amaseka ndi kamantha kokoma, chifukwa wamng'ono walimba mtima. Bwana akanena yomweyo kwa wantchito amene amalandira zochepa, gulu limangoti zii, chifukwa wonenedwayo sangabwezere. Kamangidwe n'kamodzi, nthawi n'njofanana, koma kachiwiriko anthu akatembenuza mitu amaona munthu amene akuseka chifukwa alibe kuchitira mwina, ndipo chiseko chokakamiza chimadziwika: pakamwa patseguka koma maso ali gwa.

Nthabwala ikalephera, kamvekedwe ka gulu kamakuuzani pomwe yathyokera. Anthu akaseka musanafike pa mbola, ndiye kuti chachiwiri chinali choseketsa kwambiri kapena kupuma kwanu kunaulula. Akangoti chete kenako wina n'kuseka yekha mochedwa, ndiye kuti kukhotako kunali kwakutali, anthu anafunika kuganiza kaye, ndipo mwina maziko anasowa mfundo imodzi yomwe inu mumaidziwa koma iwo sakuidziwa. Nthabwala ya kusunga siingagwire pa anthu osadziwa kuti pali ngongole, pokhapokha liwu la "zanga" litanenedwa momveka bwino ndi nkhope yodandaula pang'ono. Akaseka pang'ono n'kuleka mwadzidzidzi, kawirikawiri mwapitiriza kulankhula pambuyo pa mbola. Akati "aaa" kapena "eee" motsitsa mawu m'malo moseka, kamangidwe kanali bwino koma mwaluma pamalo olakwika. Pamenepo musafotokoze, musabwereze. Njira yachidule yotulukira ndi kudzigemula nokha nthawi yomweyo, mwaukali woposa womwe munamuchitira mnzanuyo.

Pali vuto lina lomwe limagwera amene aphunzira lamuloli n'kulikonda mopitirira. Mukanena nthabwala zinayi zotsatizana zonse za utatu, omvera amaphunzira kamangidwe kanu. Amangomva "choyamba, chachiwiri" n'kudziwa kuti mbola ili pakhomo, ndipo ziwiri zoyambazo sakuzimvetseranso ngati zoona. Utatu wasanduka njira yomwe iwo akuiyembekezera, choncho nawonso ukhoza kuphwanyidwa. Mukhoza kuponya mbola pachiwiri anthu akudikira chachitatu. Mukhozanso kupereka zitatu zonse zaulemu, anthu n'kumasuka poganiza kuti ulendo uno mwamukhululukira, kenako mbola n'kubwera m'chiganizo chotsatira: "Ndi wanzeru, ndi wolimbikira, ndi wokhulupirika. Pepani, ndatenga pepala la munthu wina." Apa ziganizo zili ziwiri koma kamangidwe n'komweko. Mndandanda wonse wagwira ntchito ya maziko, ndipo kupuma kwa pambuyo pa "wokhulupirika" kukhoza kutalika ndithu, ngakhale mpaka anthu atayamba kuwomba m'manja, chifukwa palibe amene akudziwa kuti kukubwera kanthu.

Pokonzekera, ambiri amayambira kumayambiriro n'kumavutika kupeza mathero. N'kosavuta kuyambira kumchira. Pezani kaye khalidwe limodzi la munthuyo lomwe gulu lonse likulidziwa, kenako sakani liwu lomwe lingatanthauze khalidwelo komanso chinthu chabwino. Kwa wosabweza ngongole tapeza "kusunga". Kwa wamiseche kungakhale "kugawa": amagawa chakudya, amagawa nzeru, amagawa nkhani za eni. Kwa waulesi, "kupirira": amapirira kutentha, amapirira njala, amapirira kuona ena akugwira ntchito. Liwulo likapezeka, ziwiri zoyamba zimabwera zokha, ndipo ntchito yotsala ndi kudula. Nenani mokweza, osati mumtima, chifukwa khutu limamva chomwe diso silingaone. Mudzapeza kuti "nkhani za eni" ikugwa bwino kuposa "nkhani za anthu ena zomwe sizikumukhudza", ndipo kuti ya waulesi ija ili ndi mchira wautali womwe ukufuna mpeni. "Amapirira kuona ena akugwira ntchito" ikuulula mbola pa "ena", n'kutsala ndi mawu awiri oyenda pamwamba pa chiseko. Mukaitembenuza kuti ithere pa liwu loulula, imakhala "amapirira ntchito ikamagwiridwa ndi ena", ndipo kampata kanu kakupuma kali pomwepo, pambuyo pa "ntchito", pamene anthu akuganizabe kuti mukutama munthu wakhama.